Kulemba Liwu Lachiwiri pa Chuni Chomwe Chilipo Kale: Phunziro la a Kwaya

Zimachitika kawirikawiri pa maphunziro a kwaya. Wina wabwera ndi chuni chatsopano cha salimo kapena cha Aleluya, a sopurano achigwira msanga, ndipo woyimbitsa akutembenukira kwa a alito nʼkunena kuti, "Inu pezani panu." A alito amapezadi pawo, koma pofika Lamulungu zimamveka mwa njira ziwiri. Mwina liwu lawo limazimirira mʼkati mwa sopurano ngati kuti onse akuyimba chimodzi, kapena pamakhala malo awiri atatu pamene mawu amagundana mpaka akhristu a mʼmabenchi akutsogolo kuyangʼanana. Mavuto onse awiriwa ali ndi chifukwa chake, ndipo mankhwala ake ndi luso lakale lotchedwa kawuntapoyinti.

Dzinali likuchokera ku mawu a Chilatini akuti punctus contra punctum, kutanthauza kadontho moyangʼanizana ndi kadontho, pakuti manoti ankawatchula kuti timadontho. Ndi luso lolemba chuni chachiwiri chomwe chingayimbidwe pamodzi ndi choyamba, ziwirizo nʼkumagwirizana, koma chilichonse chili ndi ulendo wakewake. Lusoli linakulira mʼmatchalitchi a ku Ulaya, kumene oyimba ankatenga nyimbo ya Chigregori ngati maziko nʼkusanjapo mawu ena. Linafika pachimake mʼnyimbo za Palestrina, yemwe anagwira ntchito ku Roma ndipo anamwalira mu 1594. Mu 1725 Johann Joseph Fux, mkulu wa zoyimba kunyumba ya mfumu ku Vienna, anasindikiza buku la Chilatini lotchedwa Gradus ad Parnassum. Analilemba ngati kukambirana kwa mphunzitsi ndi wophunzira wake, ndipo anagawa lusoli mʼmakwerero asanu. Haydn anadziphunzitsa yekha ndi bukuli, ndipo pambuyo pake analigwiritsa ntchito pophunzitsa Beethoven. Phunziro lino likukhudza khwerero loyamba lokha: noti imodzi ya liwu latsopano pa noti imodzi iliyonse ya chuni cha maziko, manoti onse otalika mofanana.

Manoti alembedwa mʼsolofa monga a kwaya anazolowera: d r m f s l t. Noti ya pamwamba ili ndi kachizindikiro kumutu, monga d', ndipo ya pansi ili ndi kachizindikiro kumunsi, monga t, yomwe ili pansi penipeni pa d.

Kuwerenga mtunda

Chinthu choyamba ndi kudziwa kuyeza mtunda wa pakati pa manoti awiri omveka nthawi imodzi. Munthu amayambira pa noti ya pansi nʼkumawerenga chokwera mpaka pa ya pamwamba, ndipo manoti onse awiri a kumapeto amawerengedwa nawo. Kuchokera pa d kufika pa m ndi d, r, m, choncho mtundawo ndi 3. Kuchokera pa r kufika pa t ndi r, m, f, s, l, t, ndiye kuti 6. Ambiri amalakwitsa pomwepa chifukwa amasiya noti yoyamba osaiwerenga, ndipo zonse zotsatira zimapotoka. Mtunda wa 8 ndi okitevi, noti yomweyo koma pamwamba, monga d ndi d'. Mtunda wa 10 ndi 3 yemweyo atawonjezeredwa okitevi.

Mitundayi ili mʼmagulu atatu. Gulu loyamba ndi mitunda yolimba: 1, pamene onse ali pa noti imodzi, kenako 5 ndi 8. Manoti ake amalowererana kwambiri mwakuti khutu limavutika kuwasiyanitsa. Amene ali ndi gitala angathe kuona chifukwa chake. Akadina nsambo pa fureti ya 12, gawo lolira limatsala theka ndipo imalira okitevi. Akadina pa fureti ya 7, limatsala magawo awiri mwa atatu ndipo imalira mtunda wa 5. Kunjenjemera kwa manotiwo kumayenda 2 kwa 1 pa okitevi ndi 3 kwa 2 pa mtunda wa 5, ndipo manambala angʼonoangʼono chonchi ndi omwe khutu limamva ngati chinthu chimodzi chokhazikika. Mitunda yolimba ndi yabwino poyambira ndi pomalizira, koma ikachuluka pakati nyimbo imamveka yagwa, ngati ndiwo zopanda mchere.

Gulu lachiwiri ndi mitunda yofewa: 3, 6 ndi 10. Iyi imagwirizana, komabe munthu amamva bwinobwino kuti pali manoti awiri. Ndiyo imadzaza pakati pa nyimbo, ndipo wolemba azikhala pa iyo nthawi zambiri.

Gulu lachitatu ndi mitunda yogundana: 2, 4 ndi 7, kudzanso 9. Pa 2 ndi 7 palibe amene angatsutse. Anthu awiri akangoyimba d ndi r pamodzi, aliyense amamva kukhulana kwake. Za 4 ndi zomwe zimadabwitsa ophunzira, popeza d ndi f sizipweteka khutu. Koma mawu akakhala awiri okha, f wa pamwambayo amamveka ngati wangotsamira, akufuna kutsikira pa m kuti apume. Nʼchifukwa chake mʼluso limeneli 4 amawerengedwa mʼgulu la yogundana. Mʼkhwerero loyamba mitunda yogundana siloledwa konse. Mʼmakwerero otsatira imalowa, koma modutsa, pa malo osagogomezedwa, kapena yokonzekeredwa bwino.

Pali msampha umodzi womwe kuwerenga kokha sikungaulule. Kuchokera pa t kufika pa f' munthu amapeza 5, koma si 5 wolimba. Pa kiyibodi, akawerenga mabatani onse, oyera ndi akuda omwe, kuchokera pa d kufika pa s amasuntha kasanu ndi kawiri, pamene kuchokera pa t kufika pa f' amasuntha kasanu ndi kamodzi kokha. Kupereweraku kumachititsa kuti manoti awiriwa agundane. Choncho t ndi f asamveke pamodzi, kaya wapamwamba ndi uti, ndiponso liwu limodzi lisalumphe kuchoka pa t kupita pa f kapena kuchoka pa f kupita pa t. Oyimba amaphonya kulumpha kumeneku ngakhale ataphunzira sabata yathunthu.

Mayendedwe a mawu awiri

Kusankha mitunda yabwino ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi momwe mawu awiriwo akuchokera pa mtunda wina kupita pa wina. Angathe kusemphana, lina kukwera lina kutsika. Lina lingathe kuima pa noti yake pamene linzake likusuntha. Angathe kulowera kumodzi, onse kukwera kapena onse kutsika, koma mtunda nʼkusintha. Angathenso kutsagana, kulowera kumodzi mtunda uli womwewo, monga 3 kutsatidwa ndi 3.

Lamulo lalikulu la luso lonseli lagona apa: polowa mu mtunda wolimba, mawu asemphane kapena lina liime. Polowa mu mtunda wofewa, mayendedwe aliwonse ndi ololedwa. Tanthauzo lake nʼlakuti 5 asatsatidwe ndi 5 wina mawu akutsagana, 8 asatsatidwe ndi 8, ndiponso mawu asafike pa 5 kapena 8 onse akukwera kapena onse akutsika, ngakhale atachokera pa mtunda wina.

Chifukwa chake si choti 5 wotsagana ndi woyipa kumva. Vuto ndi lakuti manoti a mtunda wolimba ndi olowererana kale, ndiye akayambanso kuyenda mofanana, khutu limasiya kumva anthu awiri. Limamva munthu mmodzi wa mawu aakulu. Liwu lachiwiri lomwe a alito analivutikira limasowa kwa kamphindi, kenako nʼkutulukiranso, ndipo womvera amamva ngati pabowoka. Uku ndiye kuzimirira kuja.

Apa mpofunika chilungamo. Mʼnyimbo zambiri za kumudzi mawu amayenda motsagana, ndipo zimakoma mwa njira yakeyake. Chichewa ndi chilankhulo chomwe kukwera ndi kutsika kwa mawu kumasintha tanthauzo, monga mtengo wa mʼnkhalango ndi mtengo wa pamsika, kotero mawu onse akamakwera ndi kutsika limodzi, katchulidwe kamasungika. Malamulo a Fux sakuweruza nyimbo zimenezo. Iwo akuyankha funso limodzi lokha: mawu awiri angatani kuti aliyense amveke payekha? Wophunzira ayambe ndi solofa yokha kapena ndi mawu ngati Aleluya ndi Amen, ndipo akadzayamba kuika mawu a Chichewa pa liwu losemphana, adzamvetsere ngati katchulidwe sikakupotoka.

Chitsanzo, noti ndi noti

Nachi chuni cha maziko cha manoti khumi, chokonzedwera phunziro lino. Chikuyamba pa d, chikufika pamwamba pake pa l, noti ya 6, nʼkutsika kubwerera kwawo.

```
malo:   1  2  3  4  5  6  7  8  9  10
maziko: d  m  r  s  f  l  s  m  r  d
```

Njira yomwe a alito ambiri amatenga mwachibadwa ndi kutsata chunichi pa mtunda wa 3 kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Likakhala pamwamba, liwulo limatuluka m s f t l d' t s f m. Palibe kugundana kulikonse, ndipo pa Misa zingadutse popanda wodandaula. Koma liwuli ndi chithunzithunzi chabe: chuni chikakwera nalo lakwera, chikatsika nalo latsika. Pa chifukwa chimenechi aphunzitsi a lusoli amalola 3 kapena 6 kutsagana katatu motsatizana basi, kachinayi ayi.

Wolemba wanzeru amayambira kumapeto, chifukwa kumapeto kulibe zosankha. Chuni cha maziko chikutsika r kupita pa d. Liwu la pamwamba liyenera kukwera t kupita pa d', kuti 6 atseguke kukhala 8, mawu akusemphana aliyense ndi sitepe imodzi. Kamvekedwe kameneka ndi komwe kamauza khutu kuti nyimbo yatha. Poyambira pafunika mtunda wolimba, ndipo pano pasankhidwa d', okitevi pamwamba pa d. Malo atatu adzaza kale: 1, 9 ndi 10.

Asanapitirire, wolemba alembe pansi pa noti iliyonse ya maziko manoti omwe angagwirizane nayo. Pa m pangakhale s, t, d' kapena m'. Pa r pangakhale f, l, t kapena r'. Pa s pangakhale t, r' kapena m'. Pa f pangakhale l, d', r' kapena f'. Pa l pangakhale d', m' kapena f'. Kandandanda kameneka kamatenga mphindi zochepa, koma kamapulumutsa munthu ku kufufuta kwambiri.

Pa malo a 2 maziko akukwera kupita pa m, choncho liwu la pamwamba lichite bwino kutsika. Kutsikira pa t nʼkololedwa, pakuti ndi 5 wofikidwa mosemphana, koma 8 kutsatidwa ndi 5 ndi mitunda yolimba iwiri nyimbo isanapite patali. Kutsikira pa s kukupereka 3, wofewa ndi wodzaza. Kuchoka pa d' kufika pa s ndi kulumpha, koma ndi kulumpha komwe woyimba aliyense amakudziwa. Pasankhidwa s.

Liwu likalumpha motero, ndi bwino libwerere ndi sitepe imodzi kulowera komwe lachokera, ngati munthu amene wadumpha ngalande nʼkuponda kaye bwino asanapitirire. Pa malo a 3 maziko akutsikira pa r, ndipo l ali pomwepo, sitepe imodzi pamwamba pa s. Mtunda wa r ndi l ndi 5, wolimba, ndiye lamulo lalikulu liyenera kufunsidwa. Maziko atsika, liwu la pamwamba lakwera. Asemphana, choncho zili bwino.

Malo a 4 ndi pamene ambiri amagwa. Maziko akulumpha kuchoka pa r kufika pa s, ndipo khutu limakopeka kuti l nayenso alumphe mofanana kufika pa r'. Zikatero r ndi l, omwe ndi 5, atsatidwa ndi s ndi r', 5 winanso, onse akukwera limodzi. Kumeneko ndiye kutsagana koletsedwa kuja. Kupita pa m' ndi kulumpha kwakukulu pa nthawi yomwe maziko akulumphanso kulowera komweko, ndipo mawu onse awiri akalumphira kumodzi nyimbo imagwedezeka. Chotsala ndi t, sitepe imodzi yokha, chopereka 3. Mawu alowera kumodzi, koma popeza akulowa mu mtunda wofewa palibe mlandu.

Pa malo a 5 maziko atsikira pa f liwu la pamwamba lili pa t, ndipo msampha uja wa t ndi f wafika. Kukhalabe pa t nʼkosatheka, chifukwa agundana ndi f. Kulumphira pa f' kukanapereka okitevi, koma ndi kulumpha koletsedwa kuja. Kutsikira pa l kukupereka 3, komabe s ndi t kutsatidwa ndi f ndi l kumasiya t ndi f akulirabe mʼkhutu moyandikana, ndipo kumabweza liwu pomwe langochoka kumene. Kukwera pa d' nʼkololedwa, 5 wofikidwa mosemphana. Koma r' ndi wabwino koposa: akupereka 6, mawu asemphana, ndipo liwu likupitiriza ulendo wake wokwera womwe unayamba pa s.

Pa malo a 6 maziko afika pamwamba pawo, pa l. Liwu la pamwamba likakwera sitepe imodzi kufika pa m', mtunda ukhala 5, ndipo mawu onse afikapo akukwera. Cholakwa ichi nʼchovuta kuchiona pa pepala, chifukwa mtunda wapitawo unali 6 osati 5, koma lamulo likuchikana ndithu. Kukwera pa f' kukupereka 6 wololedwa, koma ndiye kuti mawu onse awiri afika pachimake nthawi imodzi, ndipo kudziyimira kwawo kwachepa. Kutsikira pa d' kukupereka 3 mosemphana, ndipo kukusiyira maziko mpata woti amveke pa noti yawo yapamwamba.

Tsopano liwu lachiwiri likufunika chimake chakechake, noti imodzi yapamwamba yomveka kamodzi kokha. Pa malo a 7, pamwamba pa s, pali t, r' ndi m'. Wolemba ayangʼane kutsogolo. Akatenga t, mapeto adzakhala d' t d' t d', kugwedera pamalo amodzi ngati galimoto yotitimira mʼmatope. Akatenga r', noti yapamwamba ikhala itabwerezedwa kawiri ndipo siyimvekanso ngati chimake. Akatenga m', akupeza 6, mawu asemphana, ndipo chimake cha liwu lachiwiri chikubwera noti imodzi pambuyo pa cha maziko, ngati kuyankha.

Malo a 8 atsala okha pakati pa m' ndi t. Kukhalabe pa m' kukanapereka okitevi, koma kuchoka pamenepo kufika pa t nʼkulumphanso kopanda chifukwa. Noti ya d' ikulumikiza ziwirizo mosavuta ndipo ikupereka 6. Zonse pamodzi zikuoneka chonchi:

```
pamwamba: d' s  l  t  r' d' m' d' t  d'
maziko:   d  m  r  s  f  l  s  m  r  d
mtunda:   8  3  5  3  6  3  6  6  6  8
```

Mwa mitunda khumi, isanu ndi iwiri ndi yofewa ndipo itatu ndi yolimba: woyamba, womaliza ndi umodzi wa pakati. Mwa mayendedwe asanu ndi anayi, asanu ndi limodzi ndi osemphana. Liwuli lilinso ndi zofooka zake zoyenera kuzivomereza. Mtunda wa 6 wabwera katatu motsatizana kumapeto, pa malire penipeni pa chololedwa, ndipo d' wamveka kanayi mʼmanoti khumi. Wina angapeze njira yabwino kuposa iyi, pakuti chuni chimodzi cha maziko chimalola mayankho ambiri.

Kuyesa ntchito

Pepala likadzaza, kuyesa kumachitika katatu, ndipo dongosolo lake lili ndi phindu. Poyamba wolemba ayimbe liwu latsopanolo lokha, maziko atawaphimba ndi dzanja. Ngati iye mwini akukakamira pena, a kwaya adzakakamira pomwepo. Liwu labwino limayenda kwambiri ndi masitepe, limalumpha mwa apo ndi apo, ndipo munthu angathe kulingʼungʼudza popita kunyumba. Liwu lomwe mitunda yake yonse ndi yolondola koma silingayimbike palokha lalephera, ngakhale lisanaphwanye lamulo lililonse.

Kachiwiri alembe manambala a mitunda pansi pa manoti monga pamwambapa, nʼkuzunguliza 1, 5 ndi 8 aliyense. Pa chozungulizidwa chilichonse, kupatula choyamba, afunse kuti mawu anafikapo bwanji. Ngati onse anakwera kapena onse anatsika, pamenepo pakonzedwe. Ayangʼanenso kuti 1 asapezeke pakati pa nyimbo, popeza pamenepo mawu awiri asanduka limodzi, kuti liwu la pamwamba lisatsike kupyola maziko, ndiponso kuti mawu asatalikirane kupitirira 10. Nthawi zambiri kukonza noti imodzi kumafuna kusinthanso yoyandikana nayo, nʼchifukwa chake pensulo ndi yabwino kuposa bolopeni.

Kachitatu ayimbe anthu awiri, pangʼonopangʼono, opanda kiyibodi. Kiyibodi imabisa zambiri, chifukwa manoti onse amatuluka ndi kamvekedwe kamodzi ndipo salakwa. Anthu awiri akamayimba, malo ogundana amadziwika ndi kugwedera kwa mawu, ndipo malo otsagana pa 5 kapena 8 amadziwika pamene mmodzi wa iwo mwadzidzidzi wasiya kudzimva nʼkuyamba kutsata mnzake. Chitsanzo cha pamwambachi chimakhala bwino d akakhala C: a alito atenge maziko, a sopurano liwu la pamwamba. Abambo angachiyimbenso okhaokha, a besi maziko ndi a tena pamwamba, zonse zitatsika okitevi imodzi. Koma abambo akatenga maziko amayi nʼkutenga liwu la pamwamba pa kiyi yomweyo, mitunda yonse imakula ndi okitevi, ndipo mawu amatalikirana kuposa momwe analembedwera.

Liwu lachiwiri likakhala pansi

Mʼkwaya ya parishi nthawi zambiri chuni chimakhala ndi a sopurano, ndipo liwu lofunika kulembedwa ndi la pansi. Malamulo ndi omwewo, ndipo mtunda umawerengedwabe kuchokera pa noti ya pansi, yomwe tsopano ndi ya liwu latsopano. Zosintha ndi ziwiri. Poyambira liwu la pansi liyambe pa d, kaya pamodzi ndi chuni kapena okitevi pansi pake. Lisayambe pa mtunda wa 5 pansi, chifukwa noti imeneyo ndi f, ndipo khutu, lomwe limakhulupirira kwambiri noti ya pansi, liganiza kuti kwawo kwa nyimboyo ndi f. Pomalizira, chuni chikamatsika r kupita pa d, liwu la pansi likwere kuchoka pa t, kupita pa d. Pamenepo 3 akutsekeka kukhala 1, kapena 10 kukhala 8 ngati liwulo lili okitevi pansi.

Msampha wa t ndi f umaluma kwambiri mʼnjira imeneyi. Chuni chikakhala pa f, wolemba wofuna 5 pansi pake amawerenga chotsika nʼkupeza t, yemwe pa pepala akuoneka wolondola. Pa malo otere manoti otetezeka ndi r, wopereka 3, ndi l, wa pansi, wopereka 6.

Ntchito ya sabata ino

Ofuna kuyesa atenge chuni ichi cha manoti asanu ndi anayi nʼkulembapo liwu la pamwamba:

```
d  f  m  s  l  f  m  r  d
```

Ayambe ndi manoti awiri omaliza, kenako woyamba, kenako kandandanda ka manoti ololedwa. Malo oyenera kusamala ndi a 4 ndi a 5, pamene maziko akukwera s kupita pa l: amene waika r' pamwamba pa s adzafuna kukwera pa m', ndipo kumeneko ndi 5 kutsagana ndi 5. Pa malo a 2 ndi a 6 pali f, choncho t asakhale pamwamba pake. Akamaliza, apeze mnzake wa mʼkwaya ayimbe naye kawiri, ulendo wachiwiri atasinthana mawu.